Asupavaiza abweza chaputala 3: ndilembe chiyani kuti wina athe kubwereza kafukufuku wanga?

*Aphunzitsi, ndine wophunzira wa chaka chomaliza kuno ku Zomba. Kafukufuku wanga akufuna kupeza kuti ndi mabanja angati ku Chinamwali amene amathira kulorini m'madzi akumwa kapena kuwawiritsa. M'chaputala 3 ndinalemba kuti ndinasankha mabanja 100 mwa randomu, ndinagwiritsa ntchito kweshoneya, ndipo mayankho ndinawasanthula ndi SPSS. Asupavaiza abweza kawiri, akuti munthu wina sangathe kubwereza ntchitoyi. Ine ndikuona ngati zonse ndanena. Ndiwonjezere chiyani?*

Asupavaiza anu akunena zoona, ndipo sikuti akufuna masamba ochuluka. Zimene mwalembazo zatchula mayina a zida, koma sizinanene zimene miyendo yanu, pakamwa panu ndi manja anu zinachita. Ganizirani munthu amene wapeza lipoti lanu mu laibulale patatha zaka zisanu. Nambala yanu ya foni alibe. Watsika minibasi pamsika wa Chinamwali, chaputala chanu chili m'manja, akufuna kuona ngati zinthu zasintha kuchokera pomwe inu munafufuza. Paliponse pamene munthuyu angaime n'kudzifunsa kuti "nanga apa anatani?", pamenepo pakusowa chiganizo. Tiyeni timutsatire.

Poyamba penipeni aima pa malo. Chinamwali ndi dera lalikulu, ndipo madzi amene anthu amamwa si amodzi: ena ali ndi mpopi pakhomo, ena amagula pa kiyosiki, ena amatunga pa mjigo kapena pachitsime. Ngati inu munayenda mbali imodzi ya msewu wa ku Liwonde, iye n'kuyenda mbali inayo, mupeza zosiyana ngakhale nonse mutagwira ntchito mosamala. Lembani malire a kumene munafika: midzi kapena mabuloko ake, msewu kapena khwawa limene munalekezera. Ofesi ya ziwerengero ya boma, NSO, ili konkuno ku Zomba, ndipo pa kalembera wa 2018 dziko lonse linagawidwa m'tizigawo tating'ono tokhala ndi mapu ndi manambala. Mukatha kutchula tizigawo timene munagwiramo ntchito, mwamupatsa munthu uja malire osatsutsika.

Masiku nawonso alembedwe, tsiku loyamba ndi lomaliza, osangoti chaka chakuti. Pa nkhani ya madzi nyengo imasintha zotsatira kwambiri. M'miyezi ya mvula madzi a m'zitsime amada, matenda otsegula m'mimba amachuluka, ndipo alangizi a zaumoyo amayenda kugawa kulorini. Pa nthawi ya kolera wa 2022 ndi 2023 uthenga wothira mankhwala m'madzi unali paliponse, pa wailesi, m'matchalitchi ndi m'mizikiti. Amene anafunsa mabanja nthawi imeneyo ndi amene angafunse mu Ogasiti wa chaka chabata sakuyeza chinthu chimodzi. Ngati m'dera lanu munali kugawidwa kulorini sabata imene munayenda, chimenecho chilowe m'chaputala.

Tsopano mawu akuti mwa randomu, amene ndikukhulupirira kuti ndiwo akwiyitsa asupavaiza. Pocheza, ambiri akati randomu amatanthauza kuti sanasankhe dala, anangolowa nyumba imene yawaonekera. M'kafukufuku tanthauzo lake n'lolimba: banja lililonse la m'deralo linali ndi mwayi wodziwika woti lisankhidwe, ndipo chimene chinasankha ndi maere, osati maso anu. Maere sangachitike popanda mndandanda. Choncho funso loyamba la wowerenga ndi lakuti mndandanda wa mabanja munautenga kuti, unalembedwa liti, ndipo munali mabanja angati.

Tiyerekeze kuti mlangizi wa zaumoyo wa deralo anakubwerekani kaundula wake ndipo munali mabanja 600. Mukufuna 100. Mugawa 600 ndi 100, mupeza 6, kutanthauza kuti muzitenga banja lachisanu ndi chimodzi lililonse. Poyambira musasankhe nokha. Lembani manambala 1 mpaka 6 pa timapepala n'kutola kamodzi, kapena mu Excel lembani:

```
=RANDBETWEEN(1,6)
```

Ikatuluka 4, ndiye kuti mabanja anu ndi nambala 4, 10, 16, 22, mpaka 598. Zonsezi zimakwana m'ziganizo zitatu, ndipo aliyense wokhala ndi kaundula yemweyo angazibwereze. Mutchulenso chilema cha kaundulayo. Ngati analembedwa zaka ziwiri zapitazo, alendi ambiri anasamuka, ena atsopano analowa ndipo mulibemo. M'tauni monga Chinamwali vuto limeneli si laling'ono.

Koma mwina simunachite choncho. Mwina munayambira pa kiyosiki m'mawa, n'kumalowa nyumba iliyonse imene munaona munthu pakhonde, mpaka anakwana 100. Ngati ndi momwemo, lembani momwemo, ndipo mawu a randomu muwachotse. Nenani kuti munafunsa mabanja amene anali osavuta kuwapeza, munayambira pakuti, munalowera chakuti, nthawi yakuti. Ndikudziwa mantha amene ophunzira amakhala nawo, oti akanena zoona ntchito yonse ioneka yachabe. Siioneka yachabe ayi. Chimene chimasintha ndi kukula kwa zomwe mungathe kunena. Amene amapezeka pakhomo Lachiwiri nthawi ya 10 koloko si amene amagwira ntchito m'tauni kapena kugulitsa mumsika, ndipo magulu awiriwa akhoza kusiyana ndalama, sukulu ndi kasamalidwe ka madzi. Zotsatira zanu zidzanena za mabanja amene munawapezawo, osati Chinamwali yense, ndipo mukatero palibe amene angakugwireni. Chimene chimagwetsa munthu pa tsiku loteteza lipoti ndi kulemba randomu, kenako wina n'kufunsa kuti mndandanda uli kuti, iye n'kusowa chonena.

Nambala ya 100 nayo imafuna chifukwa. Ophunzira ambiri amakopera fomula ya Yamane ya 1967 chifukwa aiona m'malipoti a anzawo:

```
n = N / (1 + N * e^2)
```

Ikani 600 pa N, chiwerengero cha mabanja onse, ndi 0.05 pa e, mlingo wa kuphonya umene mwalola. Pansi papezeka 2.5, ndipo yankho ndi 240, osati 100. Mukaika 0.10 pa e mupeza 86. Ndimaona kawirikawiri fomula italembedwa bwinobwino pa tsamba, koma nambala ya mabanja amene anafunsidwa siichokera mu fomulayo. Wowerenga wokhala ndi kakyuleta amazindikira m'mphindi imodzi. Ngati 100 inabwera chifukwa ndalama ndi masiku zinakwanira pomwepo, nenani choncho, kenako nenani mtengo wake. Pa mabanja 100 osankhidwa ndi maere pakati pa 600, mukapeza kuti theka amathira kulorini, choona chenicheni chikhoza kukhala pakati pa 41 ndi 59 pa 100 alionse. Chiganizo chimenecho chimasonyeza kuti mukudziwa kulemera kwa nambala yanu. Dziwaninso kuti kuwerengera kotereku kumagwira ntchito pokhapokha ngati panali maere.

Munthu wathu uja wafika pa geti la banja nambala 4. Akulowa, akupeza mumpanda muli zitseko zisanu: alandilodi kutsogolo, alendi anayi kuseri. Banja ndi liti pamenepa? Muyenera kunena tanthauzo limene munagwiritsa ntchito. Lofala, limenenso akalembera amatsata, ndi la anthu okhala pamodzi ndi kudyera mphika umodzi. Mwa tanthauzo limeneli mumpandamu muli mabanja asanu, ndipo muyenera kunena ngati munafunsa onse, kapena limodzi, ndi m'mene munalisankhira limodzilo. Mukamangofunsa alandilodi nthawi zonse chifukwa ndiwo amatsegula geti, kafukufuku wanu wasanduka wa eni nyumba.

M'banjamo munalankhula ndi ndani? Pa nkhani ya madzi ili ndi funso lolemera. Bambo akhoza kuyankha molimba mtima kuti kwathu timathira mankhwala, pomwe amene amatunga ndi kusunga ndowa ndi mayi kapena mtsikana wamkulu, ndipo iye akudziwa kuti botolo linatha mwezi watha. Lamulo lanu likhale lolembedwa, mwachitsanzo lakuti munafunsa munthu wa zaka 18 kapena kuposerapo amene amayang'anira madzi akumwa pakhomopo.

Nanga mutapeza chitseko chokhoma? Apa ndi pamene malipoti ambiri amakhala chete, chonsecho apa ndi pamene sampo imapindika. Munabwereranso kangati, nthawi yanji? Munalowa nyumba yoyandikana m'malo mwake? Okana anali angati? Nayi ndime monga momwe ingalembedwere. Manambalawa ndi ongoyerekezera, ndipo inu mudzailemba m'Chingerezi monga lipoti lifunira:

"Mwa mabanja 100 amene anasankhidwa, 83 anapezeka pa ulendo woyamba. Kumene kunalibe munthu woyenera kuyankha tinabwererako kawiri, kamodzi madzulo ndi kamodzi Loweruka, ndipo tinapeza mabanja ena 9. Mabanja 5 sanapezeke pa maulendo onse atatu, ndipo 3 anakana. Sitinalowetse banja lina m'malo mwa losowa. Zotsatira zachokera pa mabanja 92."

Onkhetsani: 83, 9, 5 ndi 3 zikupanga 100. Manambala a m'chaputala 3 ayenera kugwirizana okhaokha, ndiponso agwirizane ndi a m'matebulo a chaputala 4. Lipoti limene linakonza mabanja 100, n'kufunsa 100 ndendende, popanda wokana ngakhale mmodzi kapena nyumba yokhoma, limandichititsa kufunsa mafunso ambiri kuposa limene lanena 92.

Tibwere pa kweshoneya. Kungoitchula sikuuza munthu chimene munayeza. Chinthu chachikulu m'kafukufuku wanu ndi kusamala madzi, ndiye chaputala chinene kuti banja munaliwerengera kuti limasamala madzi likakwaniritsa chiyani. Taonani mafunso atatu awa. Loyamba: kodi mumathira mankhwala m'madzi akumwa? Lachiwiri: m'masiku 7 apitawa, munathirapo kulorini kapena kuwiritsa madzi akumwa? Lachitatu: madzi amene ali mu ndowa iyi lero, mwawachita chiyani chitungireni? Banja limodzi lomwelo likhoza kuyankha inde pa loyamba, inde pa lachiwiri, ndi palibe pa lachitatu, osanama ngakhale pamodzi. Loyambalo limasiyanso kunja amene amawiritsa. Amene akubwereza ntchito yanu akafunsa lachitatu pomwe inu munafunsa loyamba, adzalengeza kuti anthu asiya kusamala madzi, pomwe chasintha ndi funso chabe. N'chifukwa chake funso lalikululo lilembedwe m'chaputala liwu ndi liwu, ndipo kweshoneya yonse iikidwe kumapeto kwa lipoti.

Kumapetoko muike imene munafunsiradi. Kawirikawiri pepala limakhala m'Chingerezi, koma pakhomo munthu amafunsa m'Chichewa, kwina m'Chiyao, akumasulira m'mutu nyumba ndi nyumba. Ngati munali awiri kapena atatu ofunsa, aliyense amamasulira mwake, ndipo pamapeto mwafunsa mafunso osiyana. Nenani kuti anamasulira ndani, ngati wina anabwezeranso m'Chingerezi kuti muone ngati tanthauzo lasungika, ndi kuti ofunsa anali angati ndipo munawakonzekeretsa bwanji. Ngati munayesa kaye mafunsowo pa mabanja ochepa a dera lina, monga ku Matawale, nenani kuti anali angati ndi chimene munasintha pambuyo pake. Kungoti mafunso anayesedwa, osanena chimene chinasintha, sikuthandiza aliyense.

Pali chofooka china chimene muyenera kuchitchula nokha ena asanakutchulireni. Mlendo wonyamula fayilo akafunsa za ukhondo, anthu amayankha chimene akudziwa kuti ndicho choyenera. Ofufuza za madzi amapewa zimenezi poyeza madziwo: amatenga pang'ono mu ndowa ya kumwa, kuponyamo kapiritsi ka DPD nambala 1, ndipo ngati muli kulorini madziwo amasanduka a pinki, n'kuyerekeza mtunduwo ndi tchati. Mlingo umene ambiri amatsata ndi wosachepera mamiligalamu 0.2 pa lita. Ngati munayeza, lembani chida chake, kuchuluka kwa madzi amene munatenga, m'chiwiya chiti, ndi mlingo umene munadulira. Koma kuno ku Zomba samalani: madzi a m'mipopi ya bodi ya madzi, ochokera ku damu la Mulunguzi, amabwera atathiridwa kale kulorini. Ndowa yotungidwa pa kiyosiki m'mawa womwewo ikhoza kuonetsa pinki ngakhale pakhomopo sanathiremo kanthu. Madzi owiritsa, mbali inayi, saonetsa chilichonse. Choncho muyesowu uli ndi tanthauzo pokhapokha mutalemba gwero la madzi a mu ndowayo ndi nthawi imene anatungidwa. Ngati simunayeze, nenani kuti zotsatira zanu zatsamira pa zonena za eni ake, ndi kuti nambala yeniyeni ikhoza kukhala yotsikirapo.

Za SPSS sinditalikitsa, koma dzina la pulogalamu si njira yosanthulira. Wowerenga akufuna kudziwa zimene zinachitika pakati pa pepala ndi tebulo. Mayankho munawapatsa manambala otani? Amene anati nthawi zina munawaika ku inde kapena ku ayi? Chisankho chimenechi chokha chikhoza kusuntha zotsatira kwambiri, ndipo chikapanda kulembedwa palibe angachidziwe. Mafunso osayankhidwa munatani nawo? Ambiri amalemba 99 pamene palibe yankho, n'kuiwala kuuza pulogalamu kuti 99 si nambala yeniyeni. Pa funso la kuchuluka kwa anthu m'banja, ma 99 atatu okha pa mabanja 92 amakweza avereji kuchoka pa anthu 5 kufika pa 8. Mukaona avereji yodabwitsa, yang'anani nambala yaikulu kwambiri m'kolamu imeneyo.

Njira yosavuta yosungira zonsezi ndi kudina `Paste` m'malo mwa `OK` pa windo lililonse la SPSS. Pulogalamu imalemba yokha malamulo a zimene mwasankha m'fayilo yapadera, ndipo malamulowo amagwira ntchito mukadina `Run`, mwachitsanzo:

```
MISSING VALUES hhsize (99).
CROSSTABS /TABLES=source BY treated
  /STATISTICS=CHISQ /CELLS=COUNT ROW EXPECTED.
```

Fayilo imeneyi iikeni kumapeto kwa lipoti, ndipo m'chaputala mutchule veshoni ya pulogalamuyo. Munenenso kuti funso lililonse la kafukufuku linayankhidwa ndi muyeso uti. Ngati munafuna kuona ngati gwero la madzi likugwirizana ndi kuthira kulorini, nenani kuti munagwiritsa ntchito kayi-sikweya pa mlingo wa 0.05. Ndi mabanja 92 ogawidwa m'magwero anayi, mabokosi ena a tebulo adzakhala ndi nambala yoyembekezeka yochepera 5, ndipo akachuluka otere kayi-sikweya sadalirika. SPSS imachenjeza pansi pa tebulo ndi timalemba tating'ono timene ophunzira ambiri sawerenga. Ngati munaphatikiza magulu, monga mjigo ndi chitsime kukhala gulu limodzi, kapena munagwiritsa ntchito muyeso wa Fisher, lembani, ndi chifukwa chake.

Mudzaona kuti pa zonsezi sindinatchule matanthauzo a m'mabuku. Machaputala ambiri amene ndimawerenga amatha masamba atatu akufotokoza kuti sampo n'chiyani malinga ndi wolemba wakuti, n'kupatsa mizere iwiri yokha ku zimene wophunzirayo anachita. Asupavaiza amadziwa kale tanthauzo la sampo. Buku litchuleni pamene mwabwereka njira kapena mafunso a wina, ndipo munene zimene munasinthamo. Onetsetsaninso kuti simunangokopera chaputala cha mu pulopozo n'kusintha "ndidzachita" kukhala "ndinachita". Pulopozo inanena zimene munkafuna, pomwe lipoti likufuna zimene zinachitika. Ngati munakonza masiku 5 koma mvula inawasandutsa 9, kapena mbali ina ya dera simunafikeko chifukwa kunali maliro, zimenezo ndi mbali ya njira yanu.

Za chilolezo zikwane m'ndime imodzi yokhala ndi zenizeni: komiti imene inavomereza kafukufuku ndi nambala ya kalata yake, monga UNIMAREC kwa amene ali pa Yunivesite ya Malawi, kuti munadzera kwa amfumu kapena atsogoleri a deralo, ndi m'mene munapemphera chilolezo kwa woyankha aliyense, kuphatikizapo amene sadziwa kulemba, kaya anadinda chala kaya anavomera pakamwa pali mboni. Mayina a anthu ndi malo enieni a nyumba zawo asalowe mu lipoti. Wobwereza akufuna njira yanu yosankhira mabanja, osati mabanja omwewo.

Mukalembanso chaputalachi, musanakapereke, chipatseni mnzanu wa kosi ina amene sadziwa kafukufuku wanu. Mupempheni akufotokozereni mokweza zimene angachite kuyambira Lolemba m'mawa: atsikira pati, agogoda khomo liti, afunsa ndani, akapeza pokhoma atani, yankho la nthawi zina alilemba bwanji. Inu mukhale chete, cholembera m'manja. Akakufunsani funso musamuyankhe pakamwa, lilembeni, chifukwa yankho lake ndi chiganizo chimene chikusowa m'chaputala.

Mwina pa mafunso ena mudzapeza kuti simukukumbuka, monga kuchuluka kwa amene anakana. Fufuzani kaye m'kope limene munkayenda nalo, masiku olembedwa pa makweshoneya, mauthenga a pafoni amene munkatumizirana ndi okuthandizani. Ngati munagwiritsa ntchito KoboToolbox, fomu iliyonse ili ndi tsiku ndi nthawi imene inatumizidwa. Zikapanda kupezeka, musapeke nambala. Lembani kuti chiwerengero cha okana ndi cha nyumba zokhoma sichinasungidwe, ndipo muchitchulenso pa zofooka za kafukufuku, pamodzi ndi mbali imene chingapendekezere zotsatira zanu.